Lendi yoyendera kukwera mitengo kwa zinthu: chifukwa chake imapitirira pomwe munkayembekezera

M'migwirizano ina ya lendi ya mashopu, maofesi ndi nyumba zosungiramo katundu mumapezeka ndime yonena kuti chaka chilichonse lendi idzikwera molingana ndi mmene mitengo ya zinthu yakwerera m'dziko. Anthu ambiri amaivomera ndimeyi mosavuta chifukwa imamveka yachilungamo. Landilodi sadzadzuka tsiku lina n'kungotchula mtengo wa m'mutu mwake, ndipo wochita lendi amadzilimbitsa mtima kuti mitengo ikakwera iyenso adzakweza katundu wake, zidzafanana. Koma pakapita zaka zitatu kapena zinayi, ndalama yomwe imalembedwa pakalata ya lendi imakhala itatalikirana kwambiri ndi yomwe munthu anawerengera tsiku losainirana, popanda wina aliyense wochita chinyengo. Zimachokera m'masamu a ndimeyo ndi m'mawu ochepa omwe salembedwamo.

Tiyerekeze kuti mayi wina ali ndi shopu yogulitsa makope, zolembera ndi mapepala ku Limbe. Anasaina mgwirizano wa zaka zisanu mu Januwale 2021, lendi yake K500,000 pamwezi, ndipo Januwale aliyense idzikwera ndi mlingo wa kukwera mitengo wa chaka chomwe changotha. Mayiyu ndi wongopeka, koma milingo yomwe tigwiritse ntchito ndi ya ku Malawi kuno, yomwe imachokera ku ofesi ya boma yosonkhanitsa ziwerengero ya NSO ku Zomba, tangoichotsera tizidutswa ta kumapeto kuti kuwerenga kusavute.

Panthawi yosainayo mitengo inali isanapenge. Mu 2020 inakwera ndi 9 peresenti kapena kucheperapo pang'ono, ndipo banki yaikulu ya dziko lino inkanena kuti cholinga chake n'kutsitsira mlingowu pa 5 peresenti. Ndiye landilodi akanapereka njira ziwiri, yokweza ndi 10 peresenti chaka chilichonse zivute zitani, kapena yotsatira mlingo wa NSO, munthu wanzeru zake akanatha kusankha yachiwiriyo n'kumadziona kuti wapulumutsapo kangachepe. Chaka choyamba zikanaonekadi choncho. Mu 2021 mitengo inakwera ndi 9 peresenti, lendi n'kufika K545,000, pomwe ya 10 peresenti ikanafika K550,000.

Zinasinthira mu 2022. Nkhondo ya ku Ukraine inakweza feteleza, mafuta a galimoto ndi tirigu, ndipo mu Meyi chaka chomwecho kwacha inachepetsedwa mphamvu ndi 25 peresenti. Chaka chimenecho mitengo inakwera ndi 21 peresenti. Mu Malichi 2023 namondwe wa Freddy anasakaza minda kummwera, ndipo mu Novembala kwacha inachepetsedwanso mphamvu ndi 44 peresenti, mlingo wa chakacho n'kukhala 29 peresenti. Mu 2024 kunabwera ng'amba ya El Niño, chimanga chinasowa, mlingo n'kufika 32 peresenti.

Cholakwika choyamba chomwe anthu amachita n'kuphatikiza milingoyi. Mukaphatikiza 9, 21, 29 ndi 32 mumapeza 91, ndiye mumaganiza kuti lendi ya K500,000 ikwera ndi 91 peresenti n'kufika K955,000. Si mmene zimayendera. Kukweza kwa chaka chilichonse kumawerengeredwa pa lendi yomwe yakwezedwa kale, ngati mmene katapira amaberekera pamwamba pa chiwongoladzanja cha mwezi watha. 21 peresenti imaikidwa pa K545,000 n'kubala K659,450. Kenako 29 peresenti imaikidwa pa K659,450 n'kufika K850,691. Pomaliza 32 peresenti imaikidwa pa ndalama imeneyo, ndipo mu Januwale 2025 mayi uja akulandira kalata ya K1,122,911 pamwezi. Lendi yakwera ndi pafupifupi 125 peresenti, kutanthauza kuti yawirikiza kawiri n'kupitirirapo.

Mitengo ikamakwera pang'onopang'ono, kusiyana kwa kuphatikiza ndi kuchulukitsa kumakhala kochepa moti munthu sakuona n'komwe. N'chifukwa chake amene anazolowera milingo ya 8 kapena 9 peresenti sankakuganizira. Milingo ikafika m'ma 20 ndi m'ma 30, kusiyanako kumakula msanga. Taonani ndalama yeniyeni yowonjezera: mu 2022 inali K45,000 pamwezi, mu 2024 inali K191,000, mu 2025 inapitirira K272,000. Pakati pa 29 ndi 32 peresenti pali mtunda waufupi, koma m'thumba mwa mayiyu kusiyana kwake kukupitirira K80,000 mwezi uliwonse, chifukwa maziko ake anakula. Pa zaka zisanu zonsezo wapereka pafupifupi K44.1 miliyoni. Akanasankha 10 peresenti yokhazikika ija, lendi ya 2025 ikanakhala K732,050 ndipo zonse pamodzi zikanakwana K36.6 miliyoni. Kusiyana kwake ndi K7.5 miliyoni, ndipo gawo lalikulu la ndalamayi lagwa m'zaka ziwiri zomaliza.

Apa pali chinthu china chomwe chimasokoneza ngakhale anthu ophunzira. Wailesi ikalengeza kuti kukwera mitengo kwatsika, mitengoyo sinatsike. Yangochepetsa liwiro. Mu Disembala 2023 mlingo unali 34.5 peresenti, mu Disembala 2024 unali 28.1 peresenti. Ndi nkhani yabwino kwa a zachuma, koma kwa wochita lendi tanthauzo lake n'lakuti lendi ikweranso, ndi 28 peresenti ya ndalama yomwe inakula kale. Chaka chimodzi choipa chikangolowa mu lendi sichichokamonso. Ngakhale mitengo itadekha n'kumakwera ndi 5 peresenti yokha, 5 peresentiyo idzawerengeredwa pa K1.1 miliyoni, ndipo K500,000 ija siidzabwereranso.

Funso lomwe ndimaliona kuti ndi lalikulu kuposa onse ndi ili: mitengo yomwe ikukwerayo ndi ya chiyani? A NSO amatenga dengu la zinthu zomwe banja wamba limagula, monga chakudya, nyumba, magetsi, mayendedwe, zovala ndi sukulu, n'kumatsata mitengo yake mwezi ndi mwezi. Ku Malawi chakudya chimatenga pafupifupi theka la dengu lonse, ndipo mkati mwa chakudyamo chimanga ndicho chimalamula. Choncho amatulutsa milingo itatu: wa zinthu zonse, wa chakudya chokha, ndi wa zinthu zosadya. Kumayambiriro kwa 2024 mlingo wa zinthu zonse unali pa 35 peresenti, koma mukaugawa, wa chakudya unali pamwamba pa 40 pomwe wa zinthu zosadya unali pamwamba pang'ono pa 20.

Ndiye ganizirani shopu ya mayi uja. Ndime ya mgwirizano wake ikungonena za kukwera mitengo basi, ndipo landilodi akutenga mlingo wa zinthu zonse, womwe ndi umene umalengezedwa kwambiri. Zotsatira zake n'zakuti lendi ya shopu yogulitsa makope ikukokedwa ndi mtengo wa thumba la chimanga. Mvula ikavuta ku Mchinji kapena ku Mulanje, lendi ku Limbe ikwera. Koma nyumbayo siidya nsima. Zomwe landilodi amawononga poisamalira ndi penti, simenti, malata, alonda ndi msonkho wa khonsolo, ndipo zimenezi zili ndi mayendedwe akeake.

Choipa kwambiri n'chakuti mlingowu umakwera pa nthawi yomwe makasitomala a mayiyu alibe ndalama. Chimanga chikadula, kholo limayamba lagula ufa. Mwana amene ankagulidwa makope khumi pa teremu amagulidwa asanu, ena agwiritsenso ntchito masamba otsala a chaka chatha. Maganizo aja akuti mitengo ikakwera nanenso ndidzakweza amagwira ntchito kwa wogulitsa ufa, mafuta ophikira ndi shuga, amene katundu wake ali mkati mwenimweni mwa dengu lija. Kwa wa makope, wa saluni, telala kapena sukulu ya mkaka, kukweza ndi 32 peresenti n'kuthamangitsa makasitomala, chifukwa malipiro a anthu sakwera pa liwiro limenelo. Ngati mu 2021 shopuyo inkagulitsa katundu wa K5 miliyoni pamwezi, lendi inkadya K10 pa K100 iliyonse yolowa. Tiyerekeze kuti pofika 2025 malonda afika K8 miliyoni. Lendi ya K1,122,911 ikudya K14 pa K100 iliyonse. Malonda akula, mwini wake akuona ngati zikuyenda, koma phindu likuphwa. Nambala yoyenera kuiyang'anira chaka ndi chaka ndi imeneyi, gawo la lendi pa malonda, chifukwa ndiyo imayamba kusonyeza kuti ndimeyo yayamba kuluma.

Vuto losatchula mlingo weniweni si la kuno kokha. Abale amene amachita lendi malo a bizinesi ku Britain amadziwa kuti kumeneko kuli milingo iwiri yotchuka, RPI ndi CPI, ndipo migwirizano yambiri ya lendi inalembedwa pa RPI, yomwe nthawi zambiri imakhala pamwamba. Mu Okutobala 2022 CPI inali 11.1 peresenti pomwe RPI inali 14.2.

Mlingo ukadziwika, pamatsala funso la mwezi. Chaka chimodzi chomwecho chili ndi nambala ziwiri zoona. Pali yapakatikati ya miyezi 12 yonse, ndipo pali ya mwezi umodzi poyerekeza ndi mwezi womwewo chaka chatha. Kwa 2023 yapakatikati inali 29 peresenti, koma ya Disembala inali 34.5, chifukwa kwacha inali itangogwa kumene mu Novembala ndipo inali nyengo yomwe chimanga chimadula. Pa lendi ya K659,450 yoyambayo ikupereka K850,691, yachiwiriyo K886,960. Kusiyana kwake ndi K36,000 pamwezi, kapena K435,000 pachaka, ndipo aliyense wa awiriwa akhoza kubwera ndi pepala la NSO lomuikira kumbuyo. Mgwirizano ukakhala chete, amene amalemba kalata yokweza lendi ndiye amasankha, ndipo sindinamvepo landilodi wosankha nambala yaing'ono mwa kufuna kwake.

Palinso kuchedwa. Nambala ya mwezi imatuluka mwezi wotsatira uli mkati, choncho ya Disembala siingadziwike pa 1 Januwale. Malandilodi ena amadikira, ena amaiwala mpaka Epulo kapena Meyi, kenako amabwera ndi kalata yofuna zotsalira za miyezi yonseyo nthawi imodzi. Kwa mayi uja mu 2025, kuchedwa kwa miyezi inayi ndi ngongole ya pafupifupi K1.1 miliyoni yomwe sanaiikire padera.

Tsopano mawu aang'ono omwe amawonjezedwa m'ndimeyo. Ina imati lendi ikwere ndi mlingo wa kukwera mitengo kuphatikizapo 2 peresenti. Mitengo ikukwera ndi 30, munthu amaona ngati 2 ndi yosaoneka n'komwe, koma nayonso imaberekana: milingo imakhala 11, 23, 31 ndi 34, lendi ya 2025 n'kufika K1,198,000, kupitirira ija ndi K75,000 pamwezi. Ina imati lendi ikwere ndi 10 peresenti kapena ndi mlingo wa kukwera mitengo, kutengera chomwe chakula. Imeneyi ndi ya mbali imodzi. Mitengo ikadekha landilodi watetezeka ndi 10 wakeyo, mitengo ikapenga wochita lendi alibe chomutchinjiriza. Ndime yotere ikabwera popanda malire a pamwamba, sindiona chifukwa choisainira momwe ilili.

Koma cholakwika choopsa kwambiri chimabisala m'kawerengedwe. Kupatula maperesenti, a NSO amatulutsanso nambala yoimira mitengo, yomwe imayambira pa 100 n'kumakwera. Pa chitsanzo chathu, tikaika tsiku losainirana pa 100, nambalayo iyenda motere: 109, kenako 131.9, kenako 170.1, kenako 224.6. Pali njira ziwiri zolondola zogwiritsira ntchito nambalazi, ndipo zonse zimafika pa yankho limodzi.

```
lendi yatsopano = lendi yoyamba × (nambala ya lero ÷ nambala ya tsiku losaina)
lendi yatsopano = lendi ya chaka chatha × (nambala ya lero ÷ nambala ya chaka chatha)
```

Vuto limabwera wolemba mgwirizano akasakaniza ziwirizi, n'kulemba kuti lendi yomwe ikuperekedwa panopa ichulukitsidwe ndi nambala ya lero pogawa ndi ya tsiku losaina. Powerenga mofulumira zimamveka zofanana. Chaka choyamba palibe kusiyana, ndi K545,000 yomwe ija. Chaka chachiwiri K545,000 ichulukitsidwa ndi 1.319 n'kukhala K718,855, chifukwa 9 peresenti ya 2021 yawerengedwa kachiwiri. Chaka chachitatu ifika K1.2 miliyoni, chachinayi K2.7 miliyoni. Lendi yawirikiza kasanu n'kupitirirapo pomwe mitengo yangowirikiza kawiri ndi pang'ono. Njira yodziwira ndi yosavuta: tengani lendi ya chaka chino, gawani ndi ya chaka chatha, muone ngati kukwerako kukufanana ndi mlingo womwe NSO inalengeza wa chaka chimodzi. Kukapitirira kwambiri, mwina zaka zakumbuyo zikuwerengedwa mobwereza. Ndipo musadalire kuti khoti lidzakukonzerani. Mawu a mgwirizano akakhala omveka bwino, makhoti kawirikawiri amatsata zomwe zinalembedwa ngakhale mbali imodzi ipwetekeke nazo.

Lendi siikwera yokha. Ngati landilodi amalipiritsa msonkho wa VAT, womwe m'zaka zimenezi unali 16.5 peresenti, msonkhowo unachoka pa K82,500 kufika K185,000 pamwezi, ndipo bizinesi yaing'ono yosalembetsa VAT ilibe kokaibweza ndalamayo. Ngati mgwirizano ukuti dipoziti idzikhala yofanana ndi lendi ya miyezi itatu nthawi zonse, mayi uja anayamba ndi K1.5 miliyoni ndipo pofika 2025 wawonjezerapo pafupifupi K1.9 miliyoni yongokhala m'manja mwa wina. Ngati lendi imaperekedwa ya miyezi itatu pakamodzi, monga zimakhalira m'malo ambiri m'matauni athu, ndiye kuti mu Januwale, nthawi yomwe akufunika kuoda makope a teremu yatsopano, akuyenera kupeza K3.4 miliyoni.

Landilodi naye ali ndi mbali yake, ndipo si yopanda pake. Akanavomera 10 peresenti yokhazikika, K732,050 ya 2025 ikanagula zomwe K326,000 inkagula mu 2021. Akanakhala kuti wataya gawo limodzi mwa magawo atatu a phindu la nyumba yake, uku ngongole ya ku banki ili ndi chiwongoladzanja chokwera ndipo penti ndi zitsulo zikutsatira dola. Ndime yotsatira mitengo imachotsa chiopsezo chimenechi paphewa pake n'kuchiika chonse paphewa la wochita lendi. Kukambirana kwanzeru kukhale pa kagawanidwe ka chiopsezocho.

Chida chachikulu ndi malire a pamwamba. Mgwirizano wa mayi uja ukanati lendi itsatire mitengo koma isakwere kupitirira 15 peresenti pachaka, ikanayenda K545,000, K626,750, K720,763, n'kufika K828,877 mu 2025. Landilodi angakane 15 n'kufuna 20, kapena angafune kuti pansi pakhalenso malire, ndipo zimenezo n'zokambirana. Chofunika kusamala nacho n'chakuti migwirizano ina imasunga zomwe zadulidwa ndi malirewo n'kudzaziwonjezera chaka chomwe mitengo yadekha. Pamenepo malirewo angochedwetsa kulipira. Njira zina ndi kugwirizana pa mlingo wa zinthu zosadya, kapena kuti lendi itsatire theka kapena magawo awiri mwa atatu a mlingo wa NSO, kapena kuti kukwera kukapitirira nambala inayake wochita lendi akhale ndi ufulu wotuluka atapereka notisi ya miyezi itatu popanda chilango. Ufulu wotulukawu uli ndi mphamvu, chifukwa lendi yotsatira mitengo ingathe kupitirira yomwe mashopu oyandikana nawo akulipira, ndipo landilodi amene akudziwa kuti mungachoke amafewa.

Musanasaine, khalani pansi ndi kakyuleta muwerenge zaka zonse za mgwirizanowo katatu: pa 10 peresenti, pa 20 ndi pa 35. Nambala yachitatuyo si yongoopseza, dziko lino linaifika mu Januwale 2024. Pa 35 peresenti, K500,000 imakhala pafupifupi K1,661,000 ikakwezedwa kanayi. Kenako pemphani kuti chitsanzo chimodzi cha kawerengedweko, cha manambala enieni, chilembedwe mu mgwirizano momwemo, pamodzi ndi dzina la mlingo, mwezi womwe udzigwiritsidwa ntchito, ndi tsiku lomwe landilodi akalidumpha osakudziwitsani sangafunenso zotsalira.